Chigubu cha mafuta chomwe chidandiphunzitsa kuwerenga

Ndimakhala pa Chinkhoma, m'boma la Kasungu, ndipo ndili ndi kabenchi pakhonde la nyumba yomwe timachita lendi. Ndimagulitsa mafuta ophikira oyeza, shuga wa m'timapepala, sopo wodula, mchere ndi machesi. Ndidayamba mu 2023 ndi ndalama yomwe ndidatenga ku banki m'khonde, ndipo miyezi itatu yoyamba ndinkagwira ntchito yopanda malipiro osadziwa. Anthu ankabwera kuyambira m'mawa, kachikwama kankalemera madzulo, aneba ankanena kuti bizinesi yandiyanja. Koma tsiku lopita kukaoda likafika, ndalama inkapelewera, ndipo ndinkachita kupempha bambo a kunyumba kuti andiwonjezere. Ndikulemba izi chifukwa amayi ambiri amene akuyamba kumene amandifunsa funso lomwe inenso ndinkadzifunsa: katundu akutha, nanga ndalama ikupita kuti?

Mitengo yomwe nditchule ndi yomwe ndinkagulira ndi kugulitsira nthawi imeneyo. Lero idasintha kale, choncho musatengere manambala anga. Tengani kawerengedwe kake.

Chigubu cha mafuta cha malita 20 ndinkaoda pa K60,000 pa Kasungu boma. Ulendo wopita ndi kubwera, kuphatikizapo wa kabaza wonyamula kuchoka pasitolo kukafika pokwerera, unkatenga K2,000. Timachubu tomangira mafuta tokwanira chigubu chimodzi tinkandidyera K1,500. Ndiye kuti chigubucho chikamafika pakhonde panga chinali chitadya kale K63,500, ngakhale ine m'mutu mwanga ndinkangosunga K60,000 ija basi. Uku kudali kulakwitsa koyamba, koma kudali kochepa poyerekeza ndi kwina.

Ndinkagulitsa kachubu kamodzi pa K200. Muyezo wanga kadali kakapu ka pulasitiki komwe mlamu wanga adandipatsa, n'kundiuza kuti n'ka mamililita 50. Ndidakhulupirira, poti iwonso ankagulitsa mafuta. Ngati kakapu n'ka 50, ndiye kuti lita imodzi itulutsa timachubu 20, chigubu chonse chitulutsa 400, ndipo ndalama yake ikhala K80,000. Phindu la K16,500 pa chigubu chimodzi lidandikomera, ndipo pa masamu amenewo ndi pomwe ndidalimba mtima kutenga ngongole ija.

Chigubu chachinayi chitatha, ndidakhala pansi usiku n'kuwerenga ndalama ya mafuta yokha, poti ulendo umenewo ndidaisunga payokha m'kachitini. Ndidapeza K61,200. Ndidawerenganso kawiri. Ndidayamba kukayikira ana, ndipo ndikunena moona kuti mwana wanga wamkulu ndidamufunsa mwaukali mpaka adalira. Mpaka pano zimandipweteka, chifukwa mwanayo sadatenge ngakhale tambala.

Amene adandithandiza ndi azakhali anga, omwe adagulitsa mafuta ndi mchere kwa zaka zambiri pa Santhe. Adabwera kudzationa, ndipo nditawadandaulira sadandifunse za ana kapena za akuba. Adangoti, "Mwana wanga, tabweretsa muyezo wako uja, ndi botolo la madzi akumwa la theka la lita."

Adandiuza kuti ndidzaze kakapu kaja ndi madzi mmene ndimadzazira mafuta, n'kumathira m'botolo, kwinaku ndikuwerenga. Botolo la mamililita 500 limayenera kudzadza ndi timakapu 10 ngati kakapuko kalidi ka 50. Ine ndidathira 8, ka nambala 9 kali pakati botolo lidafika pomwe madzi amalekezera likakhala latsopano.

"Mwaona?" ndidatero ine, ngati kuti iwo ndi amene sadaone.

"Ndaona," adatero azakhali. "Iweyo umagulitsa timakapu 17 pa lita, koma umawerenga 20. Pa lita iliyonse umagawa K600 kwa anthu omwe sakudziwa n'komwe kuti wawapatsa."

Tidawerenga limodzi. Timakapu 17 pa lita, malita 20, ndi timachubu 340, osati 400. Pamenepo pokha K12,000 idapita. Kenako adandifunsa ngati ndimatapa mafuta ophikira ndiwo zapakhomo m'chigubu momwemo. Ndinkatapa, tsiku lililonse, ndipo sindinkaona ngati ndi nkhani. Adandifunsanso za basela, kaja kamene umawonjezera munthu akati "tathirani pang'ono, mayi, ndine kasitomala wanu". Kuphatikiza zapakhomo, basela, odontha pothira ndi otsalira m'makoma a chigubu, tidayerekeza kuti lita yathunthu inkatha osagulitsidwa. Malita 19 otsalawo adatulutsa timachubu 323, omwe ndi K64,600. Pa ndalama imeneyo, K3,400 idali m'kope la ngongole. Ndiyo K61,200 ija ndidaipeza m'kachitini. Palibe adaba. Ngakhale ongongola onse akadabweza, phindu langa pa masabata awiri okhala pakhonde likadakhala K1,100.

Chimene ndikufuna muchigwire apa n'chakuti bizinesi yogawa katundu m'tizigawo imakhala kapena kufa pa muyezo. Wa holoselo amapeza phindu pa kuchuluka kwa katundu. Ife timapeza phindu pa kusiyana kwa mtengo wa chinthu chathunthu ndi mtengo wa tizigawo take, ndipo kusiyanako n'kochepa kwambiri moti mamililita 9 owonjezera pa kakapu amakumaliza. Diso silingaone mamililita 9. Botolo lopanda kanthu ndi madzi zimaona.

Kukonza kwake sikudali kophweka monga mungaganizire, chifukwa makasitomala adali atazolowera kachubu konenepa. Ndidali ndi njira ziwiri: kukweza mtengo kufika K250, kapena kuchepetsa muyezo kuti ukhale wa 50 weniweni. Pa malo ngati pano mitengo imayenda ndi ndalama yomwe munthu wagwira m'manja. Mayi akamatuma mwana amamupatsa K200, ndipo mwanayo akapeza kuti ndi K250 amangopita pa benchi ina. Ndidasankha kukonza muyezo. Ndidagula sirinji yatsopano ya mamililita 20 ku famase, ndidayeza madzi okwana 50 n'kuthira m'kakapu, ndidalemba mzere pomwe madziwo adalekezera, kenako ndidadula kakapuko ndi mpeni wotentha pa mzerewo. Kudula kudandithandiza kuposa kungolemba mzere, chifukwa ukatanganidwa kapena kukada, dzanja limapitirira mzere, koma silingapitirire mlomo wa kapu.

Amayi ena adadandaula sabata yoyamba. Mmodzi adandiuza poyera kuti, "Achemwali, mwayamba kutibera." Sindidakwiye. Ndidatenga botolo lija n'kuthira timakapu 10 iwo akuona, ndidawauza kuti muyezo wa pano ndi 50 ndipo atha kukayerekeza ndi kwa wina aliyense. Awiri adasiya kugula kwa ine kwa kanthawi, kenako adabwerera. Ndimakana kwambiri khalidwe lomwe ena ali nalo lobinyiza chitini pansi kuti chizioneka chachikulu chili chaching'ono. Kumeneko n'kuba, ndipo pamudzi pomwe aliyense amadziwa khomo lako sikuchedwa kuululika. Muyezo ukhale woona mbali zonse: usamudyere wogula, usakudyerenso iwe.

Chachiwiri chomwe ndidasintha ndi kathiridwe. Kale ndinkayeza wogula ataima pomwepo, ndipo pamenepo ndi pomwe basela amalowera, chifukwa n'kovuta kukana munthu akukuyang'ana m'maso. Tsopano ndimamangiratu madzulo, ndili ndekha. Ndimapungulira malita awiri m'jagi yoyera, ndimathira pa fanelo, pansi pali mbale yolandira odontha, ndipo malita awiriwo ayenera kutulutsa timachubu 39 kapena 40. Akatulutsa 36, ndimadziwa pomwepo kuti dzanja langa lalemera, sindidikira kuti chigubu chithe. Amene akufuna a K600 kapena K1,000 amabwera ndi botolo lawo, ndipo awa ndimawakonda chifukwa sindiwonongapo kachubu. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, choncho kuzoloweza anthu kubwera ndi botolo n'kwanzeru ngakhale pa chifukwa chimenecho chokha.

Mafuta apakhomo ndimagula kwa ine mwini. Ndikafuna ophikira, ndimatenga timachubu tiwiri n'kuika K400 m'chitini cha mafuta. Bambo a kunyumba poyamba zidawadabwitsa, adati, "Amayi, mukugula katundu wanu yemwe?" Ndidawaonetsa masamu a azakhali aja ndipo sadafunsenso.

Ndi kasamalidwe kameneka, chigubu chidayamba kutulutsa timachubu 390. Sichifika 400, ndipo musamawerengere 400, chifukwa mafuta ena amatsalira m'jagi, m'fanelo ndi m'chigubu momwe, ndipo kachubu kamodzi kapena tiwiri timaphulika. Chigubu chikatha ndimachizondotsa usiku wonse pa jagi, ndipo m'mawa mumakhala mutatuluka okwana timachubu tiwiri kapena titatu. Timachubu 390 pa K200 ndi K78,000. Kuchotsa K63,500, phindu lidakhala K14,500 pa masiku pafupifupi 12.

Pali nambala imodzi yomwe ndimailemba pachikuto cha kope ndikangofika kuchokera kooda, ndiyo mtengo womwe kachubu kamodzi kandidyera ine. Nthawi imeneyo idali K63,500 kugawa ndi 390, yomwe ndi pafupifupi K163. Phindu pa kachubu lidali K37 basi. Nambala imeneyi idasintha mmene ndimaonera ngongole. Munthu akatenga kachubu kamodzi osabweza, sindinataye K37, ndataya K163 ya mpamba, ndipo ndiyenera kugulitsa timachubu tina tinayi, n'kuyambaponso kachisanu, kuti ndingobwezeretsa pomwe ndidali. Ngongole ya K3,400 ija idali timachubu 17, ndipo kuti ndikwirire dzenje lake pankafunika phindu la timachubu toposa 70.

Sindikunena kuti musamakongoze. Kuno simungathe. Ambiri mwa makasitomala anga ndi alimi a fodya ndi matenanti a m'maesiteti, ndipo ndalama yawo imabwera msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo. Mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomwe m'nkhokwe mwayera, ndi pomwe tinthu ta K100 ndi K200 timayenda kwambiri, chifukwa palibe angakwanitse botolo la lita, ndipo ndi nthawi yomweyonso aliyense amati "ndidzakupatsani fodya akalowa". Amene akunena zimenezo nthawi zambiri ndi munthu woti unali naye pamaliro dzulo. Ine ndidaika malire awiri. Munthu mmodzi sapitirira K1,000, ndipo satenganso asanabweze yoyamba. Ngongole zonse pamodzi sizipitirira theka la phindu lomwe ndikuyembekeza pa katundu amene alipoyo, kuti ngakhale onse atathawa, mpamba ukhale wosakhudzidwa. Malire akakwana ndimawaonetsa kope, n'kunena kuti, "Amayi, onani nokha, ndikakupatsani sindikaodanso." Ambiri amamvetsa. Matenanti ndimasamala nawo kwambiri cha kumapeto kwa nyengo, osati chifukwa ndi anthu oipa, koma chifukwa akalandira malipiro ambiri amabwerera kwawo, ndipo ngongole imapita nawo.

Fodya akayamba kugulidwa zinthu zimatembenuka. Pano pa Chinkhoma pali msika wa fodya, ndipo miyezi imeneyo anthu amagula botolo lathunthu, paketi yathunthu ya shuga, sopo wathunthu. Timachubu timachedwa kutha. Chaka choyamba ndidamangiratu ambiri mu Meyi monga ndinkachitira mu Febuluwale, ndipo adakhala pabenchi masiku ambiri padzuwa. Mafuta akakhala padzuwa amawonongeka: amayamba kafungo ngati ka mtedza wakale, ndipo ukalawa amakanda pakhosi. Kuwala kumawononganso vitamini A yemwe amathiridwa m'mafuta ophikira a kuno. Tsopano pabenchi ndimaikapo ochepa oti anthu aone, ena onse amakhala m'ndowa yotseka, mumthunzi. Mu Juni ndi Julaye kukazizira, mafuta ena amagwirana n'kuoneka oyera ngati phala. Sikuti awonongeka, koma sayezeka bwino ndipo ambiri amakakamira m'kapu. Ndimaimika jagi m'beseni la madzi ofunda mpaka asungunuke, ndiye ndiyeze.

Pooda napo pali poyenera kuyang'ana. Ulendo wina ndidagula chigubu pa sitolo ina yomwe mtengo wake udali wotsikirapo ndi K2,000. Ndidayeza mosamala monga mwa nthawi zonse, koma chidatulutsa timachubu 371. Padasowa pafupifupi lita. Nditayang'ana chivindikiro ndidaona kuti kamphete kake kadali kothyoka kale. Sindidziwa amene adapungula, koma kuyambira pamenepo ndimayang'ana chivindikiro ndisanalipire, ndipo ndimapempha kuti achiike pa sikelo. Mafuta ndi opepuka kuposa madzi: lita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 920, ndiye malita 20 ayenera kupitirira makilogalamu 18, osawerengera chigubu chake. Sikelo ikaonetsa 18 kapena kucheperapo chigubu chili pomwepo, pali vuto. Ndimayang'ananso tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, chifukwa mafuta osadziwika kochokera akadwalitsa mwana wa munthu, dzina lomwe lidzatchulidwe ndi langa.

Shuga ndi wosavuta kuposa mafuta, bola osatapa ndi supuni mwachisawawa. Belo limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi imodzi. Ndinkaoda pa K28,000, ndiye kuti paketi inkandidyera K1,400, osawerengera mayendedwe poti ndinkanyamulira limodzi ndi mafuta. Kugulitsa paketi yathunthu pa K1,500 kunkandipatsa K100. Paketi yomweyo ndikaigawa m'timapepala 18 ta K100, inkatulutsa K1,800, ndipo ndikachotsa K50 ya timapepala, phindu linali K350. Njira yake ndi iyi: tsegulani paketi imodzi yokha, yalani timapepala 18, gawani shugayo mpaka athere m'timapepala tomweto, kenako mumange. Mukamachita choncho simungalakwitse, chifukwa paketi ndiyo muyezo wanu. Mukakhuthulira mapaketi asanu m'ndowa n'kumatapa, mudzapeza kuti paketi ikutulutsa 15 kapena 16, ndipo simudzadziwa kuti zayamba liti.

Adani a shuga ndi chinyezi, nyerere ndi fungo. M'dzinja shuga wotsegula amanyowa n'kuumbika, ndipo kapepala kotero palibe amakafuna. Ndimamanga wokwana masiku awiri okha, otsalawo amakhala m'mapaketi ake pa thandala, osagunda pansi kapena khoma. Za fungo ndidaziphunzira mopweteka. Ndidasunga timapepala ta shuga m'katoni imodzi ndi sopo waufa usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake agogo ena adabweza shugayo, adati, "Mdzukulu wanga, tiyi akununkha sopo." Ndidataya pafupifupi makilogalamu awiri, chifukwa ngakhale pakhomo sitikadamwa. Sopo, parafini ndi mankhwala a udzudzu zizikhala kutali ndi shuga ndi mchere, ndipo mukagwira sopo sambani m'manja musanamange shuga.

Sopo wamtanda ndimadula ndi ulusi wolimba, osati mpeni, chifukwa mpeni umanyenyetsa ndipo zidutswa zimasiyana. Ndidajambula mizere pa kathabwa kuti zidutswa zizifanana, apo ayi aliyense amasankha chachikulu ndipo zazing'ono zimatsala. Sopo wodula akakhala pamphepo amauma, amachepa n'kupindika, ndipo wogula amaona ngati mwamuchepetsera, choncho ndimadula mitanda iwiri yokha, ina imakhala m'katoni. Phindu la sopo ndi lochepa. Ndimamusunga chifukwa wobwera kudzagula sopo nthawi zambiri amatenganso mafuta.

Nditakonza zonsezi ndidaganiza kuti ndamaliza kuphunzira. Ndiye padabwera Novembala 2023, pomwe kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndidamva pa wailesi, koma ndidaona ngati ndi nkhani ya anthu oitanitsa katundu kunja. Ndidali ndi chigubu chomwe ndidali nditangotsegula, chogula pa mtengo wakale, ndipo ndidapitiriza kugulitsa pa K200. Anthu adachuluka pabenchi panga kuposa kale lonse, chigubu chidatha masiku 6 m'malo mwa 12, ndipo ndidakondwa. Sindidadzifunse chifukwa chake anthu a kutali ankadutsa mabenchi ena kubwera kwa ine. Anzanga adali atakweza kale.

Ndidapita ku boma ndi K78,000 yanga, mpamba ndi phindu zonse pamodzi. Chigubu chidali pa K82,000. Ndidaima m'sitolo muja ndikuwerenga ndalama yomwe ndinkaidziwa kale kuchuluka kwake. Mnyamata wogulitsa adati, "Mayi, mutenge cha malita asanu kaye." Ndidatenga zigubu zing'onozing'ono, zomwe pa lita zimadula kuposa chachikulu, ndipo zidanditengera miyezi iwiri kuti ndibwerere pa malita 20.

M'kope langa munkaoneka kuti ndapindula K14,500, koma katundu yemwe ndikadatha kugula adachepa. Kuyambira pamenepo mtengo wogulitsira sindiutengera pa mtengo womwe ndidagulira, ndimautengera pa mtengo womwe ndikagulire. Ndili ndi nambala za masitolo awiri a ku boma, ndipo chigubu chikafika pakati ndimaimba kufunsa mtengo wa tsiku limenelo. Ukakhala utakwera, ndimawerenganso nambala ya pachikuto ija tsiku lomwelo. Pa K82,000, kuphatikiza mayendedwe ndi timachubu zomwe nazonso zidakwera, chigubu chinkafika pakhomo pa K86,000. Kugawa ndi 390, kachubu ka mamililita 50 kankandidyera K220. Kugulitsa pa K200 kukadakhala kupereka K20 kwa wogula aliyense. Ndidakweza ka 50 kufika K250, ndipo ndidadula kakapu kena ka mamililita 40 kuti mwana wobwera ndi K200 asabwerere chimanjamanja. Ka 40 kankandidyera K176. Makapu onse awiri ndidawapachika poonekera, aliyense aziona kuti wa K200 ndi uti, wa K250 ndi uti.

Chizindikiro chomwe ndimachiopa tsopano ndi katundu kutha msanga mosayembekezereka. Kukatero ndimayamba ndafunsa mitengo ndisanakondwe. Zidachitikanso shuga atasowa m'masitolo kumayambiriro kwa 2024. Anthu omwe sindidawaonepo ankabwera kudzafuna mapaketi asanu asanu, ndipo ndidadziwa kuti akukagulitsa. Ndidasiya kugulitsa mapaketi athunthu, ndidagawa onse m'timapepala, ndipo belo limodzi lidasunga makasitomala anga a tsiku ndi tsiku kwa masabata atatu pomwe ena adalibe.

Ndalama ndimasunga m'zitini zitatu: cha mafuta, cha shuga, ndi cha sopo pamodzi ndi tinthu tina. Zikasakanikirana simungadziwe katundu amene akukudyerani, chifukwa phindu la shuga limabisa dzenje la mafuta, monga zidandichitikira miyezi itatu ija. Phindu sinditenga katundu asanathe. Chigubu chikatha ndimayamba ndapatula ndalama yoodera china pa mtengo wa tsiku limenelo, pamodzi ndi ya mayendedwe ndi timachubu. Yotsalayo ndimaigawa pawiri, theka lapakhomo ndi masheya a ku banki m'khonde, theka lowonjezera pa mpamba, chifukwa mpamba wosakula pomwe mitengo ikukwera umakhala ukuchepa.

Za ngongole ya ku banki m'khonde ndinenepo chimodzi. Gulu lathu limakongoza pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi. Ndikatenga K60,000, mwezi ukatha ndiyenera kuwonjezerapo K12,000. Chigubu chotha masiku 12 chimazungulira kawiri ndi theka pa mwezi, ndiye pa phindu la K14,500 ndinkapeza pafupifupi K36,000, ndipo ngongole inkabwezeka. Koma pa phindu la K1,100 lija, mwezi wonse sindinkafika ngakhale K3,000, ndipo chiwongoladzanja ankalipira ndi bambo a kunyumba. Musanatenge ngongole yoodera, gulitsani kaye chigubu cha malita asanu ndi ndalama yanu, muwerenge timachubu tomwe chatulutsa ndi masiku omwe chatenga. Manambala awiri amenewo ndi omwe angakuuzeni ngati ngongoleyo mungaisenze.

Mwezi wathawu mlamu wanga uja, amene adandipatsa kakapu koyamba, adabwera kudzandaula kuti mafuta sakumupindulira ndipo akufuna kusiya. Kakapu kawo kadali kofanana ndi kaja. Ndidawauza kuti, "Alamu, musasiye kaye, tabweretsani muyezo wanuwo." Tidathira madzi m'botolo la theka la lita pakhonde pomwepa, iwo akuwerenga mokweza. Lidadzadza pa 8 ndi theka. Adatenga sirinji yanga, ndipo dzulo adanditumizira uthenga kuti malita awo asanu atulutsa timachubu 97.